Makolo aona malikisi a kalasi yonse pa Moodle, tikonza bwanji?

Mai Zulu: Aphunzitsi anzanga ndi makolo muli pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Pasukulu pathu kuno ku Chipata tili ndi Moodle, pulogalamu ya pakompyuta yoikapo maphunziro ndi malikisi a ana, ndipo amene ankaiyendetsa anasamutsidwa, ndiye ahedi anaponyera ine chifukwa choti ndimaphunzitsa masamu. Lachisanu tinalowetsa malikisi a mayeso a pakati pa temu a Giredi 11. Loweruka m'mawa chithunzi cha malikisi a ana onse 46, mayina ndi manambala awo, chinali chikuzungulira pa WhatsApp ya makolo. Mtsikana amene anapeza 18 pa 100 sanabwere kusukulu dzulo ndi lero. Amene anajambula chithunzicho ndi kholo, ndipo akuti sanabe pasiwedi ya munthu, analowa ndi akaunti yake imene sukulu inamupatsa. Kodi zimenezi zatheka bwanji?

A Mbewe: Pepani Mai Zulu. Musanakhudze china chilichonse, lowani mu kosi ya masamuyo, dinani Participants, mupeze dzina la kholoyo. Pamzere wa Roles palembedwa chiyani?

Mai Zulu: Palembedwa Non-editing teacher. Ndipo si yekha ayi. Ndawerenga makolo 29 mu kosi imeneyi, onse alembedwa chimodzimodzi.

A Mbewe: Basi, vuto ndi lomwelo. Moodle ikamaikidwa imabwera ndi maudindo ake: Manager, Course creator, Teacher, Non-editing teacher, Student, Guest ndi ena ochepa. Wa kholo mulibe. Ndiye anthu ambiri makolo akayamba kuvuta kuti tikufuna kuona malikisi a ana athu, amayang'ana pamndandandapo n'kuganiza kuti Non-editing teacher ndiye wabwino, poti dzina lake likumveka ngati munthu wongoyang'ana osagwira kanthu. Koma ameneyo ndi mphunzitsi ndithu. Chimene sangathe ndi kusintha kosi, kuika manotsi kapena kufufuta ntchito. Zina zonse za mphunzitsi ali nazo. Amatsegula Grader report, tsamba lija limaonetsa mwana aliyense ndi malikisi ake onse. Amaona ngakhale malikisi amene inu mwabisa. Akhoza kutsitsa zonsezo mu fayilo ya Excel. Ndipo pali ziwiri zoopsa kuposa chithunzi chija: akhoza kutsegula ntchito imene ana apereka n'kuichonga, ndiponso akhoza kuona mafunso a Quiz mayeso asanatsegulidwe.

Mai Zulu: Mayo ine! Ndiye kuti kholo likanatha kupatsa mwana wake malikisi?

A Mbewe: Pa Assignment, inde, ndi pa mafunso a Quiz ochonga pamanja. Sindikunena kuti anachita, koma khomo linali pululu.

A Sakala: Zosavuta izi madamu. Pitani ku Define roles, tsegulani Non-editing teacher, mupeze moodle/grade:viewall muike Prohibit. Mphindi ziwiri nkhani yatha, palibenso kholo loona malikisi a mwana wa mnzake.

A Mbewe: A Sakala, chilolezo mwatchulacho ndi chenicheni, ndicho chimalola munthu kuona malikisi a ena. Koma mukachitseka pamenepo mwatsekera aliyense amene ali Non-editing teacher pasukulu yonse, kuphatikizapo ana a ku koleji obwera kudzaphunzira kuphunzitsa. Ndipo Prohibit ndi mawu omaliza. Munthu akakhala ndi maudindo awiri mu kosi imodzi, wina ukumulola wina uli pa Prohibit, Prohibit ndiye amapambana, simungamumasulenso m'munsi. Chachiwiri, mwatseka malikisi okha, kuchonga ndi kuona mafunso kwatsala. Chachitatu, kholo lija tsopano silionanso ngakhale za mwana wake, ndiye mwabwerera pomwe munayambira.

A Sakala: Chabwino, ndiye ikani Prevent m'malo mwa Prohibit, mu kosi yokhayo.

A Mbewe: Zingachepetse moto lero, koma makolo ali m'makosi angati? Mai Zulu akayang'ana apeza kuti ali mu sayansi, mu Chingelezi, paliponse. Kholo siliyenera kukhala pa Participants ya kosi iliyonse, nkhani ndi imeneyo.

A Ngoma: Moni nonse. Ine ndafika mochedwa. Ngati nkhani ndi yoona zotsatira za mwana, musavutike ndi makompyuta. Tumizani meseji ku 8383, mulembe nambala ya mayeso ya mwana, chaka ndi giredi, zibwera pafoni pomwepo. Wanga ndinaonera momwemo.

Mai Zulu: Zikomo a Ngoma, koma zimenezo ndi zotsatira za mayeso a boma a ECZ. Ife tikukamba za malikisi a m'kalasi, a pakati pa temu, amene timalowetsa tokha pasukulu.

A Ngoma: Ooh, pepani. Pitirizani.

Mai Zulu: A Mbewe, ndayang'ana, alidi m'makosi onse a Giredi 11. Ndiyambe kuwachotsa?

A Mbewe: Yambani mwaona zimene zinachitika. Mu kosi iliyonse pitani ku Reports, kenako Logs. Sankhani dzina la kholo, masiku muike All days. Mukaona mzere wa Grader report viewed, ndiye kuti anatsegula tsamba la kalasi yonse, ndipo tsiku ndi nthawi zalembedwa pomwepo. Yang'ananinso ngati pali amene anatsitsa fayilo ya malikisi, ndi ngati pali ntchito imene inachongedwa ndi dzina losakhala la mphunzitsi. Kuwachotsa sikufufuta mbiri imeneyi, koma n'kosavuta kusankha mayina awo akadali mu kosi. Lembani zimene mwapeza mupatse ahedi. Mukatha, achotseni onse pa Participants. Maakaunti awo musafufute, tiwafuna.

Amake Chisomo: Ine ndine kholo, ndimagulitsa pamsika wa Kapata. Ndikumva ngati mukufuna kutitsekera kunja. Ife tinavomera zamakompyutazi chifukwa mwana amabwera kunyumba n'kunena kuti mapepala sanabweze, temu yonse mpaka kutha. Mukatichotsa tidziwa bwanji?

A Mbewe: Ayi amayi, simutsekeredwa kunja. Tikuchotsani m'kalasi n'kukumangirirani kwa mwana wanu. Mu Moodle udindo umagwira ntchito pamalo pamene waperekedwa. Mukapatsidwa udindo pa kosi, mumakhudza ana onse a mu kosiyo. Mukapatsidwa pa munthu mmodzi, mumakhudza munthu yekhayo, m'makosi ake onse. Mphunzitsi malo ake ndi kosi, chifukwa ayenera kuona ana onse a phunziro lake koma osati maphunziro a anzake. Kholo malo ake ndi mwana, chifukwa liyenera kuona maphunziro onse koma a mwana mmodzi.

Mai Zulu, kapangidwe kake ndi aka. Pitani ku Site administration, Users, Permissions, Define roles, mudine Add a new role. Ikakufunsani kuti mutengere pa udindo uti, siyani pa No role, kuti uyambe wopanda chilolezo chilichonse. Dzina lembani Kholo kapena Parent, zili kwa inu. Pali mabokosi olembedwa Context types where this role may be assigned. Chongani User yekha. System, Category ndi Course musakhudze, kuti mawa munthu wina asadzathe kuika kholo mu kosi ndi udindo umenewu ngakhale atafuna. Kenako m'munsi mupeze ziwiri izi muike Allow:

```
moodle/user:viewdetails
moodle/user:viewuseractivitiesreport
```

Choyamba chimalola kholo kutsegula tsamba la mwana. Chachiwiri ndicho chimabweretsa malikisi ndi malipoti a zimene mwana wachita. Pali zinanso zimene anthu amawonjezera, monga moodle/user:readuserposts yowerengera zimene mwana walemba pokambirana ndi anzake, ndi moodle/user:editprofile yosinthira tsamba lake. Ine kwathu ku Katete sindinazipereke. Kholo linapempha malikisi, silinapemphe kuwerenga zimene mwana wa zaka 17 akukambirana m'kalasi.

Mai Zulu: Ndapanga. Koma ndikamafuna kupatsa kholo udindowu sindikuuona paliponse.

A Mbewe: Chifukwa mukuyang'ana mu kosi kapena pa dzina la kholo. Zimayambira kwa mwana. Tsegulani tsamba la mwanayo, dinani Preferences, mupeze Assign roles relative to this user. Udindo wa Kholo uoneka pamenepo. Mudine, musake dzina la kholo, muliwonjezere. Kenako ikani buloko yotchedwa Mentees pa Dashboard ya onse. Kholo likalowa liona mayina a ana ake pabulokopo, lidina dzina, lisankha phunziro, lipita pa malikisi. Amene alibe mwana womangiriridwa kwa iye buloko imeneyi saona mayina alionse.

Ndikuchenjezeni pa kusakako. Kuno kwathu a Banda, a Phiri ndi a Tembo ndi osawerengeka. Mukalemba Phiri mutuluka mayina 30, ena ofanana ndi dzina loyamba lomwe. Mukadina wolakwika, bambo wachilendo aona malikisi a mwana wa eni mpaka chaka kutha, ndipo palibe chimene chidzakuuzeni, poti iye sadzadandaula. Yang'anani imelo kapena nambala imene ili pambali pa dzina musanadine Add.

Mai Zulu: Ana onse pasukulu ndi oposa 600. Ndichite mmodzimmodzi?

A Mbewe: Pa Moodle yopanda zowonjezera, inde, mmodzimmodzi. Fayilo ya Upload users imalowetsa anthu ambiri m'makosi nthawi imodzi koma siimanga kholo kwa mwana. Alipo mapulagini ochitira zambiri nthawi imodzi, koma ine sindingakulangizeni kuika pulagini pa makina amene mwangolandira kumene. Yambani ndi 29 amene ali ndi maakaunti kale. Ena azibwera okha kudzapempha, ndipo mudzaona kuti si onse 600.

Amake Chisomo: Tsono ine funso langa ndi ili. Ndili ndi wanga mmodzi, komanso ndikulera awiri a malemu mkulu wanga. Dzina la bambo awo ndi lina, langa ndi lina. Kodi makinawo andilola? Chifukwa yunifolomu, nsapato ndi mabuku ndimagula ndine. Bambo awo ali ku Lusaka, sanatumizepo ngakhale sopo, koma ndikudziwa kuti akamva adzafuna kuona.

A Mbewe: Makina sayang'ana dzina la bambo. Akaunti yanu imodzi ikhoza kumangiriridwa kwa ana atatu onsewo, ndipo mwana mmodzi akhoza kukhala ndi akuluakulu awiri kapena atatu. Funso loti ndani ayenera kupatsidwa, limenelo si la Mai Zulu, ndi la ofesi.

Mai Phiri: Ndilowepo apa poti ndine adeputi pasukulu ina ku Petauke ndipo nkhani ngati ya Amake Chisomo timakumana nazo temu iliyonse. Ife lamulo lathu ndi lakuti amene analembedwa pa fomu yolembetsera mwana monga womusunga ndiye amapatsidwa. Wina akabwera kuti ndine bambo wake, sitimukana pakhomo, koma sitimupatsanso tsiku lomwelo. Timaitana wosunga mwana, tikambirane muofesi, zikagwirizanika zilembedwe papepala, ndiye wa makompyuta achite. Pafoni ayi. Tinaonapo bambo amene anasiyana ndi mkazi wake akufuna malikisi kuti akawagwiritse ntchito pamlandu wolimbirana mwana. Mphunzitsi wa masamu asalowetsedwe m'zimenezo.

Ndiponso tisaiwale kuti dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, nambala 3 ya chaka cha 2021. Dzina la mwana pamodzi ndi malikisi ake ndi nkhani ya mwini wake, ndipo lamulolo limasamala kwambiri za ana. Sukulu ndiyo inasunga zinthuzo, ndiye Mai Zulu uzani ahedi kuti asaione ngati nkhani ya pa WhatsApp chabe.

A Daka: Ana anga, ine ndinapuma pantchito ndili hedi, ndaphunzitsa ku Chadiza ndi ku Lundazi. Ndikuwerenga zonsezi ndipo ndikudabwa. Masiku athu tsiku lotsekera sukulu ana onse ankakhala pansi pa mtengo, makolo pambali, mphunzitsi n'kuimirira ndi pepala kuyambira nambala wani mpaka womaliza. Wa nambala wani ankaimbiridwa nthungululu, womaliza ankalira, temu yotsatira ankalimbikira. Palibe amene anafa nazo. Lero malikisi asanduka chinsinsi ngati matenda?

Mai Phiri: Adada, ulemu wanu, koma za pansi pa mtengo zinkathera pansi pa mtengo. Amene sanabwere sanamve, ndipo pofika Lolemba anthu aiwala manambala. Chithunzi cha Mai Zulu chili m'mafoni a anthu amene mwanayo sakuwadziwa n'komwe, ndipo chidzakhalapo ngakhale akadzakwatiwa. Mphunzitsi wa kale ankadziwanso chifukwa chake mwana wagwa, kaya maliro kaya malungo. Pachithunzi pali 18 basi.

A Daka: Nanga mpikisano? Mwana adziwa bwanji kuti ali pati ngati saona anzake?

A Sakala: Apa ndili kumbali ya adada. Ine ana anga amalimbikira akadziwa kuti mnzawo wawapitirira.

A Mbewe: Zimenezo zilipo popanda kuonetsa mayina. Mu kosi pitani ku Grades, Course grade settings, pagawo la User report. Pali Show rank. Mukaika Show, mwana aliyense ndi kholo lake aona malo ake yekha, monga 12/46, osadziwa kuti 11 ndani kapena 46 ndani. Palinso Show average, yoonetsa avereji ya kalasi. Pa ana 46 ilibe vuto. Koma pa kalasi yaing'ono samalani nayo. Tinene kuti phunziro lina amatenga ana atatu okha, ndipo avereji ikuoneka 60. Ndiye kuti onse pamodzi ndi 180. Woyamba wapeza 75, mnzake wapamtima wamuuza kuti wapeza 70. Awiriwo ndi 145. Chotsani pa 180, wachitatu wapeza 35, ndipo sanauze munthu. Ana a masamu amazichita izi pamutu.

A Daka: Nambala yopanda dzina ndi nsima yopanda ndiwo. Koma pitirizani, dziko ndi lanu tsopano.

Amake Chisomo: Ine kunena zoona chithunzi chija ndinachiona, anatumiza mnzanga ngakhale ana anga sali m'kalasi imeneyo. Ndinayang'ana dzina lililonse, sindinama. Koma akanakhala wanga ali pansi paja sindikanapita kumsika tsiku limenelo.

Mai Zulu: Ndamangirira makolo asanu poyesa. Mmodzi wandiimbira kuti dzina la mwana akuliona, phunziro akuliona, koma malikisi palibe. Ndalakwitsa pati?

A Mbewe: Kodi Loweruka nkhani itaphulika simunatseke malikisi?

Mai Zulu: Ahedi anati tsekani zonse, ndiye ndinaika Show gradebook to students pa No m'makosi onse.

A Mbewe: Ndi chimenecho. Kholo la mtundu watsopanowu limadutsira pakhomo la mwana. Mwana akatsekeredwa, kholo latsekeredwanso. Ndipo taonani, kutseka kuja sikunatseke makolo 29 aja, poti iwo anali aphunzitsi, ndipo batani limenelo silikhudza aphunzitsi. Munatsekera ana okha, amene sanalakwe kanthu. Popeza mwawachotsa m'makosi, bwezerani pa Yes.

Ngati pali mayeso amene simunamalize kuchonga ndipo simukufuna kuti aoneke, bisani mayeso okhawo mu Gradebook setup, kapena ikani tsiku pa Hidden until. Pa Assignment pali Use marking workflow: mumachonga pang'onopang'ono, malikisi saoneka kwa mwana mpaka mutaika Released, ndiye onse amalandira nthawi imodzi. Zimathandiza kuti asayambe kufunsana kuti iwe wapeza zingati pamene theka la kalasi silinachongedwe.

A Sakala: Poyesa ngati zagwira, dinani dzina lanu pamwamba musankhe Switch role to, muone ngati Student. Ine ndimatero nthawi zonse.

A Mbewe: Imathandiza kuona maonekedwe a kosi, koma pa nkhani iyi siikwanira. Udindo wa Kholo simungauyese nayo chifukwa suli pa kosi, ndipo mwana wongoyerekezayo alibe malikisi. Pangani maakaunti atatu abodza, ana awiri ndi kholo limodzi. Ana awiriwo alowetseni mu kosi yoyesera, muwapatse malikisi osiyana, wina 40 wina 90. Kholo mulimangirire kwa woyamba yekha. Lowani ngati kholo mu bulawuza ina, mutsegule malikisi a mwana woyamba, muyang'ane adiresi pamwamba. Ioneka motere:

```
/course/user.php?mode=grade&id=7&user=215
```

Nambala ya pa user ndi ya mwana. Isintheni muike ya mwana wachiwiri, mudine Enter. Ikakana, zili bwino. Ikaonetsa 90, pali chilolezo chimene chaperekedwa pamalo olakwika. Yesaninso chimodzimodzi mutalowa ngati mwana woyamba, chifukwa ana a Giredi 11 amene ali ndi mafoni adzayesa zimenezi inu musanaganize n'komwe. Palinso tsamba la Check permissions mu kosi iliyonse: musankhe munthu, musake grade, ikuonetsani Yes kapena No pa chilolezo chilichonse.

Chinanso, poti makinawa munangolandira: pitani ku Assign system roles muone amene alipo. Udindo woperekedwa pamenepo umagwira m'makosi onse a sukulu. Kawirikawiri mumapeza aphunzitsi atatu anayi anapatsidwa Manager tsiku lina pofuna kufulumira, ndipo wina mwa iwo anachoka kalekale. Yang'ananinso Site administrators. Amene anasamutsidwa uja akadalipo?

Mai Zulu: Alipo. Ndi mlembi wa kuofesi, ndi akaunti ina yongolembedwa admin imene pasiwedi yake ili pakapepala komatidwa pansi pa kiyibodi mu labu.

A Sakala: Kapepala kameneko kali m'masukulu onse, hahaha.

A Mbewe: Kang'ambeni lero, pasiwedi musinthe, wosamutsidwayo mumuchotse pa mndandanda umenewo.

Mai Phiri: Langa ndi lina. Ine ndimaphunzitsa Chingelezi Giredi 11 ndipo mwana wanga ali Giredi 12 pasukulu pomwepo. Ndikhale ndi maakaunti awiri?

A Mbewe: Imodzi yakwana. Mu kosi yanu ndinu Teacher, pa mwana wanu ndinu Kholo, ziwirizi sizikumana chifukwa zili pamalo osiyana. Simudzaona anzake a mwana wanu, ndipo simungasinthe malikisi ake. Zimavuta mwana akakhala mu kalasi imene mukuphunzitsa inuyo. Pamenepo makina sangakuletseni, poti ndinu mphunzitsi wake. Pa Assignment mukhoza kutsegula Anonymous submissions kuti mayina abisike pochonga, koma mwana wanu mumadziwa kalembedwe kake. Ndi bwino pepala lake achonge mnzanu.

Mai Phiri: Koma monga adeputi ndinapatsidwa Manager, ndiye ndimaona zonse kale, za mwana wanga ndi za anzake.

A Mbewe: Ndiye funso ndi loti adeputi akufunikadi Manager kapena akungofuna kuona. Manager amasintha malikisi mu kosi iliyonse. Mukhoza kupanga udindo wina woona chabe, wopanda moodle/grade:edit. Ena amakana, amati adeputi ayenera kukhala ndi mphamvu yokonza mphunzitsi akadwala.

Mai Phiri: Ine ndine mmodzi wa okanawo. Temu yatha mphunzitsi anagonekedwa m'chipatala sabata yotseka, malipoti fomu akanatuluka bwanji?

A Mbewe: Mukanadziika Teacher mu kosi yakeyo sabata imeneyo, n'kudzichotsa pambuyo pake. Koma ndikumva, pasukulu iliyonse amaweruza okha.

A Sakala: Ine ndinene chimene palibe wanena. Mukonza maudindo onsewa, koma aphunzitsi tomwe timatsitsa Excel ya kalasi yonse n'kuitumiza pagulu la aphunzitsi kuti wa kalasi alembe malipoti fomu. Foni yomweyo madzulo ili m'manja mwa mwana akuonera mavidiyo. Ndipo makolo ambiri kwathu kuno foni ndi imodzi nyumba yonse, pasiwedi inasungidwa mu bulawuza, mwana ndiye amalowetsa mayi ake.

Mai Phiri: Apa mwanena zoona a Sakala. Mwana kulowa pa akaunti ya mayi ake si nkhani yaikulu ngati akauntiyo ikuona za iye yekha, ngakhale kwa Amake Chisomo ndiye kuti aona za abale ake awiri. Koma mphunzitsi kusiya akaunti yotsegula mu labu, imeneyo ndiye imandisowetsa tulo.

Amake Chisomo: Anga amauzana kale okha, musadandaule. Koma pa foni yanga yaing'onoyi zidzatseguka? Ndipo mabando ake?

A Mbewe: Tsamba la malikisi ndi zolemba chabe, silidya mabando ambiri. Ife makolo timawauza kuti alowere pa bulawuza, ndi pamene mayina a ana amaonekera bwino. Ngati foni ndi ya mabatani, ndiye lipoti fomu ya pepala ikadalipo.

Mai Zulu: Ndabwezera pa Yes, makolo asanu aja akuona za ana awo okha. Ndayesa kusintha nambala ija, yakana. Mu Logs ndapeza kuti makolo 11 anatsegulapo Grader report, mmodzi anatsitsa fayilo mwezi watha, ndipo palibe ntchito imene inachongedwa ndi kholo. Za mafunso a Quiz ndikuyang'anabe, makosi ndi ambiri. Ahedi akufuna kudziwa ngati tiuze makolo onse 46 kapena tingokhala chete poti takonza.

Mai Phiri: Auzeni. Chithunzi anachiona kale, mukakhala chete adzaganiza kuti khomo likadali lotseguka. Kalata yaifupi: chinachitika n'chakuti, takonza motere, amene ali ndi chithunzi afufute. Wotsitsa fayilo uja aitanidwe payekha. Koma choyamba wina apite kunyumba kwa mtsikana uja, makamaka mphunzitsi wa uphungu, asadikire kalata.

A Daka: Ndipo kholo lojambula lija mulichita chiyani? Masiku athu likanaitanidwa pamaso pa komiti.

A Sakala: Mlandu wake ndi wotani adada, poti sukulu ndiyo inamupatsa kiyi?

A Daka: Kupatsidwa kiyi ndi kwina, kutumiza kwa anthu ndi kwina.

Mai Zulu: Zimenezo akambirana ahedi ndi komiti ya makolo Lachinayi. A Mbewe, pa Logs za Quiz ndisake mawu ati kuti ndidziwe ngati wina anaona mafunso?

A Mbewe: Sankhani Quiz imeneyo pa bokosi la zochitika, masiku All days, muyang'ane mizere imene ili ndi mawu akuti preview, kenako muone dzina ndi tsiku. Likakhala dzina la kholo ndipo tsiku lili mayeso asanalembedwe, yerekezani ndi malikisi a mwana wake pa mayeso amenewo ndi a m'mbuyomu musananene chilichonse kwa munthu. Ena amangodina osadziwa chimene adina.